Kusinthana shifiti: zoti muwauze a inichaji

"Zikomo achimwene. Ndine namwino komanso mzamba pa chipatala china kuno ku Mchinji. Rosita yandiika naiti Loweruka pa 14, tsiku la ukwati wa mng'ono wanga ku Santhe. Mnzanga wa m'wodi yathu wavomera kuti tisinthane. Ndiwapemphe bwanji a inichaji kuti asakane?"

Achemwali, musanalembe chilichonse dziwani kuti kuvomera kwa mnzanuyo sikunasinthe kanthu. Dzina lanu likadali pa rosita, naitiyo ndi yanu. Mnzanuyo akadwala kapena kuiwala, wodi n'kukhala yopanda mzamba, amene adzaitanidwe ku ofesi ya a metironi ndinu, ndipo mawu oti "tinagwirizana" sadzakuthandizani. A inichaji nawonso nkhawa yawo si ya ukwati ayi. Akufuna kudziwa kuti pa shifiti iliyonse pali munthu woyenera, wodziwika dzina.

Choncho yambani mwakhala pansi awirinu, rosita ili patsogolo. Musangoyang'ana masiku awiri mukusinthanawo, onaninso tsiku lotsatira. Tiyerekeze kuti mnzanuyo atenga naiti yanu ya Loweruka pa 14, inu mutenga yake ya Lachiwiri pa 17. Naiti ya Loweruka imatha Lamlungu m'mawa. Ngati rosita yamuika kale masana Lamlungu pa 15, ndiye kuti adzapereka handova n'kuyambanso ntchito pompo, osagona. Inichaji wanzeru sangalole zimenezo m'wodi ya amayi oyembekezera. Inunso onani Lachitatu pa 18: ngati muli masana, kusinthanako sikutheka mpaka mupeze tsiku lina. Apa ndi pamene mapempho ambiri amafera, anthu n'kumati a bwana ndi ovuta.

Werenganinso masiku otsatizana. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 sililola kuti munthu agwire masiku oposa 6 motsatizana osapuma maola 24. Ngati Loweruka linali ofu yokhayo ya mnzanuyo sabata imeneyo, mwina mwamudyera mpumulo wakewo.

China, mnzanuyo akhale wa ntchito yofanana ndi yanu. Ngati usiku umenewo mzamba munali nokha, wolowa m'malo mwanu akhalenso mzamba. Wophunzira amene ali pa pulakitiko, ngakhale atakhala wakhama chotani, sangakuimireni.

Zonsezi zikalongosoka, lembani mwachidule chonchi:

"Zikomo a Sisitala. Ndikupempha chilolezo chosinthana shifiti ndi a Uje. Iwo agwira naiti yanga yoyamba Loweruka pa 14 madzulo mpaka Lamlungu pa 15 m'mawa. Ine ndigwira naiti yawo yoyamba Lachiwiri pa 17 madzulo mpaka Lachitatu pa 18 m'mawa. Takambirana ndipo avomera. Pa rosita iwo ali ofu pa 15, ine ndili ofu pa 18. Chifukwa chake ndi ukwati wa mng'ono wanga. Mukavomereza, chonde musinthe rosita. Zikomo."

Mwaona kuti naiti iliyonse ndayitchula poyambira ndi pothera. "Usiku wa Loweruka" wina amaumva ngati wa Lachisanu kuchezera Loweruka, ndipo anthu awiri akhoza kufika tsiku limodzi, tsiku linalo osafika aliyense. Mwaonanso kuti za ukwati ndazipatsa mzere umodzi wokha. Ambiri amadzaza tsamba ndi nkhani ya ankhoswe ndi ya thiransipoti ya ku Kasungu, dzina la wogwira n'kulibisa kumapeto. Komanso lembani kuti "ndikupempha", osati "ndikukudziwitsani kuti tasinthana". Mawu achiwiriwo amamveka ngati mwawalanda udindo, ndipo ena amakana chifukwa cha icho chokha.

Kuvomera kwa mnzanuyo kuoneke, kusangomveka kuchokera pakamwa panu. Ngati ndi pepala, asainire pansi pa dzina lanu. Ngati kwanu mumagwiritsa ntchito WhatsApp, ayankhe yekha pomwe a inichaji akuona kuti "ndavomera, naiti ya pa 14 ndigwira ine". Ine ndimakonda kuti muyambe mwakawaona pamaso awirinu, kenako uthenga utsatire. Kungoponya meseji pa gulu la wodi yonse kumaoneka ngati mukuwapanikiza pamaso pa anthu.

Muneneretu kuti uku ndi kusinthana, osati lokamu, shifiti yapadera yolipidwa, kuti pasadzabuke nkhani ya ndalama pakutha pa mwezi.

Pemphani msanga. Tsiku la ukwati limadziwika kalekale, ndiye kupita Lachisanu pa 13 masana n'kudzichedwetsa nokha. A inichaji akangoti "chabwino" mukudutsana pakhonde, musanyamuke kaye ulendo wa ku Santhe. Apempheni afufute dzina lanu pa rosita yapakhoma, alembe la mnzanuyo, asainire pambali, inu mujambule pa foni. Akapanda kuyankha pofika Lachitatu pa 11, kawakumbutseni pamaso. Akakana, afunseni kuti chavuta ndi munthuyo kapena tsikulo, chifukwa ngati ndi tsiku, mukhoza kubweza naitiyo sabata inayo.