Wandifunsa komwe ndimagwira ntchito ndi komwe ndimakhala: ndimuuze?

"Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndine mphunzitsi kuno ku Zomba. Ndadziwana ndi mwamuna wina pa Tinder, tacheza sabata imodzi koma sitinaonanepo. Tsopano akufuna ndimuuze sukulu imene ndimaphunzitsa, dera lomwe ndimakhala ndi dzina langa la pa Facebook. Akuti ngati ndilibe chobisa ndingomuuza. Kodi pali vuto?"

Achemwali, musamuuze kaye, makamaka dzina la sukuluyo. Sindikunena kuti bamboyo ndi woipa, sindikumudziwa, ndipo nanunso simunamudziwe. Nkhani ndi yakuti munthu wa pa Tinder mukhoza kumuchotsa lero lomwe n'kuiwala za iye, koma amene wadziwa geti la sukulu yanu simungamuchotse ndi batani lililonse. Nambala ya foni imasinthika. Nyumba ya lendi mukhoza kusamuka ngakhale zimawawa m'thumba. Koma ntchito ya uphunzitsi, kuti akusamutseni mpaka mulembe kalata, mudikire miyezi, ndipo nthawi yonseyo mumapezeka pamalo omwewo, ola lomwelo, Lolemba mpaka Lachisanu.

Kumbukiraninso kuti kuno si ku Lilongwe kapena ku Blantyre komwe munthu amasowa m'chigulu. Zomba ndi yaing'ono, msika waukulu ndi umodzi, depoti ndi imodzi, msewu wa M3 tonse timadutsa womwewo. Tiyeni tiyese ndi inu nomwe. Pa Tinder pali dzina lanu loyamba, zaka zanu ndi nkhope yanu. Mukawonjezera kuti "ndimaphunzitsa ku pulaimale cha ku Chinamwali", sukulu za kumeneko ndi zowerengeka. Munthuyo safunika luso la kompyuta ayi. Angofika pa siteji ya kabaza, n'kuonetsa chithunzi chanu, n'kunena kuti "madamu awa ndi mlamu wanga, ndabwera ndi katundu wawo koma foni yawo sikupezeka". Anyamata a kabaza amadziwa aliyense, ndipo amathandiza ndi mtima wabwino. Kapena angoima panjira nthawi yoweruka n'kufunsa ana. Mwana wa Sitandade 4 amulondolera mpaka pakhomo panu, akusangalala kuti wathandiza mlendo wa madamu. Chimodzimodzi namwino akanena kuti ali ku Central, kapena mtsikana akanena kuti amaphunzira ku Chanco ndipo amakhala ku Chikanda: mawu awiri okha, munthu wapezeka.

Ndipo sikuti amene amabwera kuntchito amabwera ndi mpeni nthawi zonse. Nthawi zambiri amabwera ndi chipisi ndi Fanta, akumwetulira, kuti "ndimafuna ndikudzidzimutseni". Anzanu mu sitafu akuseka, akuti mwapeza alamu. Inu simunamuitane, mwina simunamukondenso, koma tsopano kumukana kwakhala nkhani ya sukulu yonse. Mukamukana n'kukwiya, amadziwa ofesi ya ahedi ili pati. Bodza limodzi loti munamudyera ndalama limakwana kukuipitsirani mbiri kwa makolo, ndipo mphunzitsi amadya ndi mbiri yake.

Za Facebook ndiye ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa anthu amaziona ngati zazing'ono. Amati bola sindinamuuze komwe ndimakhala. Koma tsegulani tsamba lanu panopa muliyang'ane ngati mlendo. Dzina la bambo anu lili pomwepo. Chithunzi cha tsiku la Amayi muli ndi mayi anu, ndipo mwawatchula. Chithunzi china mwavala yunifomu ya kwaya kapena ya Mvano, mpingo wadziwika, ndiye kuti Lamulungu m'mawa amadziwa kokupezani. Mwana wanu ali mu yunifomu ya sukulu yake, baji ikuoneka. Kuseri kwa chithunzi cha pakhonde kukuoneka mtundu wa geti ndi mbali ya phiri, ndipo munthu wa kuno akaona momwe phiri laonekera amadziwa ngati mwajambulira ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino. Pansi pake mnzanu walemba kuti "aneba mwatchena", naye tsamba lake likunena poyera komwe amakhala. Zonse zimene mumakana kumuuza pakamwa, dzina la pa Facebook limamupatsa kamodzi.

Choopsa kwambiri pamenepo ndi mndandanda wa anzanu. Anthu oopseza ena ndi zithunzi amayamba ndi umenewo. Amacheza nanu bwinobwino, amapempha Facebook, amasunga mayina a abale anu, a abusa, a ahedi. Kenako macheza amatembenukira ku zachikondi, amapempha chithunzi cha kuchipinda kapena vidiyo kolo ya usiku yomwe akujambula inu osadziwa. Mawa lake uthenga umabwera: tumizani ndalama, apo ayi izi zipita kwa anthu awa, ndipo mayina amawatchula limodzilimodzi. Popanda mndandandawo chiopsezo chake chilibe mano. Abambo omwe muli m'gulu muno musaganize kuti izi ndi za amayi okha, ambiri ogwidwa mumsampha umenewu ndi amuna. Ena safuna n'zithunzi zomwe. Amangotenga chithunzi chanu n'kutsegula tsamba lina m'dzina lanu, n'kulembera azakhali anu kuti mwagonekedwa kuchipatala, atumize ya mankhwala pa nambala iyi.

Nambala ya foni nayo simunaifunse, koma ndi yomwe apemphe kenako, kuti "tiyeni tipite pa WhatsApp, kuno netiweki imavuta". Kuyambira 2018 ma SIM kadi amalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo Airtel Money ndi Mpamba zili m'dzina lanu lenileni. Munthu akakutumizirani ngakhale K200, uthenga womwe amalandira umakhala ndi dzina lanu lonse. Ndiye "ndikutumizireni ya bandulo" nthawi zina si chifundo, ndi njira yodziwira dzina. SIM yachiwiri imathandiza kuti mudzathe kuitaya zikavuta, koma dzina silibisika chifukwa nayonso munalembetsa ndinu. Kuwonjeza apo, pa Truecaller, pulogalamu ya pa foni yoonetsa dzina la woimba, nambala imaoneka ndi dzina limene anthu ena anakusungirani m'mafoni mwawo, ndipo aphunzitsi ambiri amasungidwa ngati "Madamu" kenako dzina la sukulu.

Ndiye muchite bwanji? Khalani mu Tinder momwemo mpaka mutaonana maso ndi maso. Akafunsa ntchito, "ndine mphunzitsi" yakwana. Akafunsa komwe mumakhala, "kuno ku Zomba konkuno". Akakakamira, muuzeni mosapsa mtima kuti: "Achimwene, zimenezo ndimauza munthu ndikamudziwa, tikumane kaye." Kenako muone momwe ayankhire, chifukwa yankho lakelo likuuzani zambiri kuposa macheza a sabata yonse. Munthu wabwino amati chabwino, n'kupitiriza nkhani zina. Mwina amaseka n'kunena kuti mukuchita bwino. Amene muyenera kumuopa ndi wobwereza funso lomwelo m'njira zina: mumakwera kabaza wa ndalama zingati popita kutauni, mumaweruka nthawi yanji, mumapemphera kuti, kwanu magetsi azima? Lililonse palokha likumveka ngati macheza, koma mukawaphatikiza ndi mapu. Ndipo mawu aja oti "ngati mulibe chobisa" sindinawakonde. Akusandutsa kusamala kwanu kukhala mlandu woti mudziyeretse, pomwe simunamulakwire kanthu.

Wina anena kuti, nanga iyeyo adziwa bwanji kuti si inu wakuba, poti masamba abodza ndi ambiri? Funso ndi loona, nayenso ali ndi ufulu wodziteteza, ndipo inunso musamuumirize kutchula ofesi yake. Koma kutsimikiza kuti munthu ndi weniweni sikufuna adiresi. Vidiyo kolo ya masana ya mphindi zisanu, mutavala bwinobwino, mutakhala poti kumbuyo kuli khoma lopanda kalendala ya sukulu kapena ya mpingo, imathetsa nkhaniyo kwa nonse awiri. Amene akukana kuonetsa nkhope yake koma akufuna dzina la sukulu yanu, ameneyo musiyeni.

Pokumana koyamba sankhani malo ndinu, masana, m'tauni, pa lesitilanti yomwe pamakhala anthu. Osati ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi tsiku loyamba, ngakhale kuli kokongola. Kumtunda kuja mukapita pa galimoto yake, kubwerera kwanu kuli m'manja mwake, ndipo malo ena netiweki imasowa. Pitani nokha, bwererani nokha, ndalama ya kabaza ikhale yanu. Akati "ndikakusiyeni pakhomo", yankhani kuti mudutsira kumsika. Mnzanu mmodzi adziwe komwe muli, mumutumizire chithunzi cha bamboyo, ndipo muyatse `Live location` ya pa WhatsApp kwa mnzanuyo, osati kwa mlendoyo. Imakupatsani kusankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8.

Musanapereke nambala kwa aliyense, konzani foni usiku uno. Pa WhatsApp lowani `Settings`, kenako `Privacy`. `Profile photo` ndi `About` muike pa `My contacts`. Pa `Status` sankhani `My contacts except` n'kumuchotsa iyeyo mukangomusunga, chifukwa pa sitetasi ndi pomwe timaika ana athu, maliro a kwathu ndi zochitika za kuntchito osaganiza kawiri. Pa Facebook, pomwe alemba `Who can see your friends list` muike `Only me`, muletsenso kuti anthu azikupezani pogwiritsa ntchito nambala ya foni, ndipo muchotse dzina la sukulu pomwe munalemba za ntchito. Chinanso, zithunzi zomwe zili pa Tinder zisakhale zomwezo zili pa Facebook, chifukwa chithunzi chimasakika pa intaneti ngati momwe timasakira mawu. Chithunzi chotumiza ngati `Document` chimatha kupita ndi malo omwe chinajambulidwira ngati kamera yanu imasunga malo, choncho tumizani mwa nthawi zonse. Ndipo `View once` isakunamizeni, munthu amangojambula ndi foni ina.

Ngati mwamuuza kale zina, musachite mantha, koma musawonjezere. Akayamba kuvuta, jambulani mauthenga onse, tsamba lake ndi nambala yake musanamutseke, chifukwa pa Tinder mukangochita `Unmatch` macheza onse amafufutika. Muuzeni kamodzi kokha, polemba, kuti asiye kukulemberani ndi kukutsatirani, kenako osayankhanso. Auzeni ahedi ndi mlonda nkhani isanafike kudzera kwa iye, manyazi a mphindi ziwiri amenewo ndi abwino kuposa kuti adzayambe kulankhula ndi iyeyo. Akafuna ndalama poopseza ndi zithunzi musalipire, wolipira kamodzi amamubwereranso. Tengani umboniwo mupite nawo ku polisi ya Zomba, mufunse ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti, ndiye musalole wina akuuzeni kuti ndi nkhani ya chibwenzi mukakambirane kunyumba. Popita musaiwale chiphaso chanu, ndipo foni ikhale yodzaza moto kuti akaone mauthengawo pomwepo.