H610 kapena B760: ndalama yowonjezerayo ikugulirani chiyani?

"Achimwene, ndikumanga kompyuta ya pakhomo, ya ntchito za muofesi, sukulu ya ana ndi magemu pang'ono. Pulosesa ndagula kale, Core i5-12400. Wogulitsa akuti mazabodi ya H610 ichititsa kuti kompyuta izichedwa, bola ndionjezere ndalama nditenge ya B760. Kodi akunena zoona?"

Pa nkhani ya kuchedwayo wogulitsa waphonya. H610 ndi B760 ndi mayina a chipuseti. Chipuseti ndi kachipangizo kamene kali pa bodi, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza pulosesa ndi zinthu zing'onozing'ono monga mabowo a USB, madisiki a SATA, netiweki ndi mawu. Zinthu ziwiri zimene zimafuna liwiro kwambiri, ramu ndi khadi ya zithunzi, sizidutsirako n'komwe. Zimalankhula ndi pulosesa mwachindunji. Choncho i5-12400 yanu, ndi ramu yofanana, idzatsegula Excel ndi kuyendetsa gemu pa liwiro lomwelo pa mabodi onse awiri.

Chimene chipuseti chimasintha ndi kuchuluka kwa zinthu zimene mungalumikize, komanso zimene Intel yakulolani kusintha. H610, imene inatuluka mu 2022, imakupatsani malo awiri okha a ramu, mabowo a SATA osaposa anayi, ndipo kawirikawiri malo amodzi a disiki ya SSD ya mtundu wa M.2. Pa mabodi ambiri a H610 malowo ndi a PCIe 3.0, omwe amathera cha pa 3,500 MB pa sekondi. SSD yothamanga kuposa pamenepo idzagwira ntchito, koma siidzafika pa liwiro lake lonse. Kunena zoona, poyatsa Windows ndi kutsegula mapulogalamu simudzamva kusiyana. Amene amakumva ndi munthu wokopera mavidiyo akuluakulu tsiku ndi tsiku.

B760 nthawi zambiri imabwera ndi malo anayi a ramu, a M.2 awiri kapena atatu, ndipo imalola ramu kuthamanga kupitirira malire a pulosesa. Pa H610, DDR4 imaima pa 3200, ndiye musataye ndalama pa ya 3600. Kukankha liwiro la pulosesa yeniyeniyo kumafuna chipuseti ya Z690 kapena Z790 pamodzi ndi pulosesa ya chilembo K kumapeto. Yanu ilibe K, nkhaniyo sikukhudzani.

Pali chinthu china chimene wogulitsa mwina amafuna kunena koma wachipachika pa chipuseti. Mozungulira malo a pulosesa pali timagawo tochepetsa magetsi kuchoka pa 12 V kufika pa mlingo umene pulosesa imadya, cha pa 1 V. Timagawoti timatchedwa VRM, ndipo amene amasankha kuti tikhale tingati ndi kampani yopanga bodi, osati Intel. Mabodi otchipa amakhala ndi tochepa, nthawi zina topanda chitsulo choziziritsira pamwamba. Tikatentha, bodi imachepetsa liwiro la pulosesa kuti isapse. Apa ndiye pamene bodi yotchipa imachedwetsadi kompyuta.

Tiyeni tione manambala. Intel imalemba kuti i5-12400 imadya 65 W, ndipo ikalimbikira kwambiri siiposa 117 W. Bodi ya H610 yabwinobwino imapirira zimenezi, makamaka pa ntchito za pakhomo zomwe pulosesa imalimbikira kwa masekondi ochepa n'kupuma. Koma i7-13700K imafika 253 W. Imalowa ndithu pa bodi yomweyo chifukwa soketi ndi imodzi, LGA 1700, koma kumeneko n'kusenzetsa njinga katundu wa lole. Chizindikiro chake n'chosavuta: tsegulani Task Manager, patsamba la Performance, mupatse kompyuta ntchito yolemetsa. Ngati Speed yayamba pamwamba kenako n'kugwa kwambiri patatha mphindi zingapo, pomwe pulosesayo siinatenthe, kayikirani VRM. M'mwezi wa Okutobala, m'chipinda cha malata, zimenezi zimabwera msanga, ndiye kesi yanu ikhale ndi fani imodzi yotulutsa mpweya kumbuyo.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga H610, makamaka yokhala ndi chitsulo pa VRM, ndipo ndalama yotsalayo ndikanagulira ramu. Popeza malo ndi awiri okha, ganizani lero: ziwiri za 8 GB zikukwanirani, koma mukadzafuna 32 GB mudzachotsa zonse ziwiri n'kugula zina. Musagule imodzi ya 16 GB n'kusiya malo ena opanda kanthu, makamaka ngati mulibe khadi ya zithunzi, chifukwa zithunzi za mkati mwa pulosesa zimadalira ramu ndipo zimayenda bwino zikakhala ziwiri. Onaninso pa bokosi ngati bodiyo ndi ya DDR4 kapena DDR5, poti pafupifupi iliyonse imalandira mtundu umodzi basi.

B760 itengeni pokhapokha ngati mukudziwa kale kuti mudzaika ma SSD awiri a M.2 kapena mudzakwera kupita pa i7. Mukadzafuna i5 ya m'badwo wa 13 kapena 14 pa H610 yanu, muyambe mwaika mtundu watsopano wa BIOS, pulogalamu ya mu bodi yoyatsira kompyuta, pulosesa yakale idakali momwemo. Lembani `msinfo32` mu Windows kuti muone dzina la bodi ndi BIOS imene muli nayo. Ntchito imeneyo ichitikire pa UPS, chifukwa magetsi akazima ili pakati, bodi ikhoza kukana kuyakanso.