Pulopozo ya mapeji 32 ikwane pa peji imodzi, ndidule chani?

"Moni akulu. Bungwe lathu laling'ono talemba pulopozo ya mapeji 32, ndiye ofuna kutithandizawo akuti titumizenso chidule cha peji imodzi chokhala ndi cholinga, bajeti, nthawi ndi zotsatira. Ndayesa kudula koma chilichonse chikuoneka chofunika, pano ndili pa mapeji atatu. Ndipange bwanji?"

Achemwali, vuto lili pa mawu oti kudulawo. Mukatenga mapeji 32 n'kumachotsa pang'onopang'ono simufika pa peji imodzi, mungotopa basi, chifukwa ndime iliyonse munaivutikira ndiye dzanja limakana kuifufuta. Tsekani failo yaikuluyo, tsegulani peji yopanda kanthu mulembe zatsopano ngati mukufotokozera munthu amene waima pakhomo akufuna kunyamuka. Failo yaikuluyo muzingoitsegula pofuna kutenga manambala.

Peji imodzi ya A4 pa fonti 11 imalowa mawu pafupifupi 450 kapena 500, ndipo mukaikamo katebulo ka bajeti mutsala ndi mwina 350. Osachepetsa fonti mpaka 8 kuti zonse zilowe ayi, wowerengayo ali ndi mulu wa mapulopozo patebulo ndipo nthawi zambiri peji imeneyi ndi imene imamuuza ngati atsegule mapeji enawo kapena ayi.

Simunanene kuti pulojekiti yanu ndi ya chani ndiye tiyerekeze kuti ndi yokonza mijigo yakufa, manambala onsewa ndi ongoyerekeza. Anthu ambiri amayamba ndi mbiri, bungwe lathu linakhazikitsidwa chaka chakuti, masomphenya athu ndi akuti, theka la peji latha munthu asanadziwe kuti mukufuna ndalama zingati. Ine ndimayamba chonchi: "Tikupempha madola 48,000 kuti m'miyezi 18 tikonze mijigo 20 yomwe inafa, komanso tiphunzitse anthu 40 oti aziikonza okha, kuti mabanja 1,000 azitunga madzi abwino pafupi." Chiganizo chimodzi koma ndalama zilimo, nthawi ilimo, ntchito ilimo, opindula alimo. Munthu atangowerenga pomwepa foni n'kulira, wadziwa kale nkhani yonse. Kenako ziganizo ziwiri kapena zitatu za vutolo, ndi nambala imodzi yokha yomwe mukudziwa komwe munaitenga, ndiye chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake inuyo ndi amene mungaikwanitse ntchitoyi, monga yofanana nayo yomwe munagwirapo kale. Mbiri ya bungwe ithere pomwepo.

Bajeti ndi pomwe anthu amagwa kwambiri. Mu Excel mwanu mwina muli mizere 60, pa chidule muiphatikize ikhale isanu basi. Pa chitsanzo chathuchi: zipangizo zokonzera mijigo 22,000, malipiro a antchito 12,000, maphunziro 6,000, mayendedwe ndi kalondolondo 4,000, zoyendetsera ofesi 4,000, zonse pamodzi 48,000. Tengani kakyuleta muwonkhetse nokha, osakhulupirira maso. Ndipo mzere wa malipiro ndi wa ofesi musaubise mkati mwa zina poganiza kuti aukwiyira, akakaupeza pa peji 27 m'pamene amayamba kukukaikirani. Apa ya ofesi ndi 4,000 pa 48,000, ndiye kuti kupitirira pang'ono 8 pelesenti, ndipo opereka ndalama ambiri amakhala ndi malire awo pa mzere umenewu ndiye muone mu malangizo awo musanatumize.

China, siyanitsani mtengo wa pulojekiti yonse ndi ndalama zomwe mukupempha. Ngati ntchito yonse ndi 60,000 ndipo inu mukupempha 48,000, nenani poyera kuti 12,000 yotsalayo ikuchokera kuti, komanso ngati ilipo kale kapena mwangolonjezedwa. Zinthu ziwiri zosiyana zimenezo, ndipo adzafunsa ndithu.

Ine zinandionekerapo. Tinalemba chidule chokongola sabata imodzi dedilaini isanakwane, ndiye usiku womaliza mnzanga wa zachuma anakweza mtengo wa mayendedwe mu bajeti yaikulu, wina aliyense anaiwala kuti nambala yomweyo ili pa peji yoyamba. Imelo yoyamba yomwe tinalandira sinali yoyamikira maganizo athu ayi, inali ya mzere umodzi, kufunsa kuti nambala yoona ndi iti. Manyazi ake osanena. Kuyambira pamenepo chidule ndimalemba pomaliza, bajeti ikatsekedwa, ndipo ndisanatumize ndimasaka nambala iliyonse ya pa chidule mu failo yaikulu ndi Ctrl+F kuti ndione ngati zikufanana.

Za nthawi musachulutse, mizere itatu yakwana. Miyezi 1 mpaka 3 kuyendera mijigo ndi kugula zipangizo, miyezi 4 mpaka 12 kukonza ndi kuphunzitsa, miyezi 13 mpaka 18 kalondolondo ndi lipoti lomaliza. Lembani kuti mwezi 1, mwezi 4, osati mayina a miyezi, pokhapokha ngati fomu yawo ikufuna madeti, chifukwa ndalama zimachedwa kubwera ndiye mukalemba kuti tiyamba mu Malichi koma mgwirizano n'kusainidwa mu Juni ndondomeko yonse yasokonekera isanayambe.

Tsopano zotsatira, apa ndikhalitsapo pang'ono. Anthu a mapulojekiti amasiyanitsa ma autiputi ndi ma autikamu. Autiputi ndi chomwe inu mwachita ndipo chimawerengeka tsiku lomwelo, mijigo 20 yakonzedwa, anthu 40 aphunzitsidwa. Autikamu ndi chomwe chasintha chifukwa cha ntchitoyo. Machidule ambiri amathera pa autiputi, kapena amalumpha n'kukafika kumwamba, "miyoyo ya anthu idzatukuka", zomwe palibe angaziyeze. Lembani chapakati: "Pofika mwezi 18, mijigo yosachepera 18 mwa 20 idzakhala ikutulutsabe madzi, ndipo mjigo ukaonongeka uzikonzedwa pasanathe masiku 7. Tidzadziwa zimenezi poyendera mjigo uliwonse miyezi itatu iliyonse." Mwaona kuti sindinalembe 20 mwa 20? Amene anagwirapo ntchito yotere amadziwa kuti china chimafa ndithu, ndiye 100 pelesenti imaoneka ngati simunaganize bwino, komanso nambala yomwe mwalemba apa ndi yomwe adzakufunseni mu lipoti lomaliza. Lonjezani zomwe mungaime nazo. Zotsatira zitatu zakwana, ndipo chilichonse chikhale ndi pomwe mukuyambira, apa n'kosavuta poti lero mijigo yonse 20 siikutulutsa madzi.

Mukamaliza mupatse munthu amene sanaonepo pulopozoyo awerenge kwa mphindi ziwiri, mulande pepalalo, mumufunse kuti tikufuna kuchita chani, ndalama zingati, mpaka liti, ndipo chidzasinthe n'chani. Pomwe wakakamira ndi pomwe pali vuto, musamufotokozere pakamwa, kakonzeni pa pepalapo. Muchotsenso zonse zonena kuti onani peji 14 ndi zidule za mayina zomwe mumazidziwa nokha muofesi mwanu, chifukwa peji imeneyi nthawi zina imayenda yokha kupita kwa a bodi opanda mapeji enawo.

Ngati chidulecho mukukachimata mu bokosi la pa intaneti m'malo motumiza PDF, muone ngati malire awo ndi a mawu kapena a zilembo, chifukwa mafomu ambiri owerenga zilembo amawerenganso mipata ya pakati pa mawu, ndipo katebulo kaja sikalowa bwino m'mabokosi otere, ndiye bajetiyo muilembe ngati chiganizo momwe ndachitira pamwambapa.