Kusankha zithunzi 12 pa zithunzi 240 popanda kukangana

"Tili ndi zithunzi 240 zomwe achinyamata atumiza pa mutu wa ntchito za amayi kumudzi. Tikufuna 12 za pa kalendala. Oweruza tilipo atatu koma aliyense akukokera kwake. Tipange bwanji kuti kasankhidwe kathu kakhale kofanana, komanso tithe kufotokozera amene sanasankhidwe?"

Achimwene, musanapereke malikisi ngakhale amodzi, patulani kaye zinthu zongofuna "inde" kapena "ayi". Kodi wojambulidwayo anavomera? Kodi chithunzicho ndi chachikulu mokwanira? Tsamba la A4 losindikizidwa bwino limafuna mapikiseli pafupifupi 2480 kwa 3508, ndipo chithunzi chotumizidwa wamba pa WhatsApp chimafinyidwa, choncho auzeni atumize ngati Document. Izi musaziphatikize m'malikisi, chifukwa chithunzi chopanda chilolezo chikhoza kupambana pongokhala chokongola.

Kenako sankhani mfundo zinayi zokha, ndipo iliyonse muipatse kulemera kwake, zonse zikwane 100. Mwachitsanzo: nkhani 40, kakonzedwe ka zinthu m'chithunzi 25, kuwala 20, kuoneka mosabalalika 15. Malikisi akhale 1 mpaka 5. Mu Excel, mfundo zinayizo zikhale m'mizati B mpaka E, ikani kulemera mu mzere wachiwiri, malikisi ayambire mzere wachitatu:

```
=SUMPRODUCT(B3:E3,$B$2:$E$2)/5
```

Tiyese ndi zithunzi ziwiri. Choyamba ndi cha mayi akupeta chimanga, mankhusu akuuluka, mwana kumsana, koma kuwala ndi kwa masana kowawa: 5, 3, 3, 4. Chipeza 79. Chachiwiri ndi cha dzuwa likulowa panyanja, mayi ali patali ngati kadontho: 3, 5, 5, 5. Chipeza 84. Ndiye kuti dzuwa lapambana, pomwe mutu wanu ndi ntchito za amayi. Mukasintha kulemera kukhala 50, 20, 15, 15, wopeta apeza 83, dzuwa 80. Apa ndi pamene muyenera kukanganirana atatu nonse, ndipo mukanganire pa zithunzi zoyeserera zomwe sizili mu mpikisano. Mukagwirizana, lembani ndipo musasinthenso. Kusintha kulemera mutaona kale zotsatira ndi kusankha wopambana ndi manja.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: manambala paokha sagwirizanitsa anthu. 4 wa inu si 4 wa mnzanu. Pa mfundo iliyonse lembani chiganizo chimodzi cha zomwe maso angaone pa 1, pa 3 ndi pa 5. Pa nkhani, 1 ndi "ntchito sikuoneka", 3 ndi "ntchito ikuoneka koma si imene diso likuyambira", 5 ndi "ntchito ndi woigwira ndiwo akulamulira chithunzi". Mawu ngati "chabwino kwambiri" musawalole, sauza munthu kanthu. Pambali pa chiganizo chilichonse matani chithunzi chachitsanzo, woweruza akatopa azibwererako. Mukatero tengani zithunzi khumi, aliyense apereke malikisi payekha, muyerekeze. Pomwe mwasiyana ndi 2 kapena kuposa, konzani chiganizocho, osati kukakamiza mnzanu.

Palinso vuto lobisika limene ambiri saliona. Ngati pafupifupi chithunzi chilichonse chikulandira 4 pa nkhani, kulemera kwa 50 kuja sikukusiyanitsa chilichonse, ndipo amene akusankha wopambana mwakachetechete ndi kuwala, komwe malikisi ake akuchoka pa 1 kufika pa 5. Mukamaliza zithunzi 30 zoyamba, yang'anani mzati uliwonse. Mukapeza muli ma 4 ndi ma 5 okhaokha, ziganizo zanu zafewa kwambiri, zikonzeni mubwereze.

Musagawane zithunzi 80 aliyense. Woweruza wouma manja sawononga kanthu ngati waona zonse, chifukwa amatsitsa aliyense mofanana, koma mukagawana, ogwera kwa iye aponderezedwa. Bisani maina, aliyense ayambire pena, ndipo muzipuma mukaona zithunzi 40 kapena 50. Ine ndimakondanso kubwereza zithunzi zisanu pansi pa manambala ena. Woweruza akapereka 4 m'mawa ndi 2 madzulo pa chithunzi chomwecho, mwadziwa kuti dzanja lake latsetsereka.

Pomaliza pake musakhulupirire kusiyana kwakung'ono. Woweruza mmodzi akasuntha malikisi amodzi pa mfundo yolemera 15, avareji ya atatu imasintha ndi 1 yense, choncho 81 ndi 80 ndi ofanana. Tengani zithunzi 20 zapamwamba, muziyale pamodzi, ndipo zoyandikana chonchi muzilekanitse ndi malikisi a nkhani, lamulo lomwe mulilembe lero. Wofunsa chifukwa chomwe sanasankhidwe mumuonetse manambala ake anayi ndi chiganizo cha pomwe anatsikira, mwachitsanzo kuti nkhope ya wojambulidwayo inali mu mthunzi ndipo anapeza 2 pa kuwala.