Musasaine lipoti la mjigo lopanda manambala a kuyesa madzi

"Ndine mlembi wa komiti ya mjigo kuno ku Nkhotakota. Akontilakitala amaliza kukumba, atipatsa lipoti la masamba awiri lonena kuti mjigo ukutulutsa malita 1.5 pa sekondi, ndipo akuti tisaine kuti alandire ndalama zotsala. Tisaine?"

Achimwene, cholemberacho chikhale kaye m'thumba. Funso lanu landiwawa chifukwa nambala ngati imeneyo ndi imene inapusitsa mudzi wa kuchikazi kwanga ku Salima, dera la Khombedza. Kumeneko anakumba m'mwezi wa Malichi, nthaka ili yokhuta mvula. Atatsegula kompuresa madzi anathovoka m'dzenje mpaka kunyowetsa anthu, amayi n'kuyamba nthungululu, amfumu n'kupha mbuzi. Mkulu wa okumbawo anatchera ndowa pa ngalande, kuyang'ana wotchi, basi nambala yalowa m'lipoti. Pofika Okutobala, mlamu wanga amapopa ndowa zitatu kenako chogwirira n'kupepuka, kumangomveka mphepo m'mapaipi. Amakhala pansi kudikira kuti madzi abwererenso, mzere wa zigubu utafika pa mtengo wa mango. Okumba aja anali atalandira zonse, foni osayankhanso.

Vuto lake n'loti madzi otuluka ndi mphepo ya kompuresa amangopereka chithunzithunzi. Ena mwa madziwo ndi amene anali atadzadza kale m'dzenje, ndipo kuuzirako kumakhala kwa nthawi yochepa. Ine ndimati kontilakitala wolemba nambala imeneyi ngati zotsatira za kuyesa mjigo akuba, ngakhale atakhala wopemphera chotani.

Kuyesa kwenikweni amalowetsa pampu yamagetsi m'dzenje. Asanayatse amayeza pamene madzi aima, kenako amapopa pa mlingo umodzi kwa maola angapo osalekeza, akulemba m'mene madzi akutsikira, poyamba mphindi iliyonse, kenako motalikitsa. Akazimitsa amalembanso m'mene madzi akubwererera. Lipoti loona limakhala ndi tsamba lodzadza manambala amenewa, ndi nthawi yake pambali.

Tiyerekeze mjigo wa mamita 42, madzi aima pa mamita 7. Apopa malita 0.5 pa sekondi kwa maola anayi, madzi atsika n'kukhazikika pa mamita 19, ndiye kuti atsika ndi mamita 12. Patatha ola chizimitsireni, akwera kufika pa mamita 8.2, kutanthauza kuti abweza mamita 10.8 mwa 12 aja, omwe ndi magawo 90 pa 100. Umenewo ndi mjigo wabwino. Koma ngati madzi amangotsikabe mpaka pampu kuyamba kukoka mphepo, kapena patatha ola abweza theka lokha, dziwani kuti chilimwe mudzalira. Pampu yopopa ndi manja ya Afridev sifuna zambiri, malita 0.25 pa sekondi akwana, ndiko kuti ndowa ya malita 20 kudzadza pa masekondi 80. Chofunika n'choti mlingo umenewo ugwire tsiku lonse, mu Novembala momwe.

Ndisanaiwale, mchenga. Kuno kunyanja nthaka yambiri ndi yamchenga, ndipo okumba akaumira timiyala tothira kuzungulira mapaipi, kapena akafulumira kuchoka asanatsuke dzenje mpaka madzi kuyera, mchenga umalowa n'kumadya mphira za mu silinda, kachipangizo kokhala pansi m'dzenje kamene kamakweza madzi. Mumangoona komiti ikugula mphira mwezi ndi mwezi, anthu n'kumanena msungichuma kuti akudya ndalama. Tungani ndowa, isiyeni ikhazikike, mupapase pansi pake ndi chala. Mukamva kukhakhala, ntchito sinathe.

Zoti muone musanalandire

Lipoti lionetse kuya kwa dzenje, mitundu ya dothi ndi miyala imene anadutsa, pamene anapeza madzi, pamene pali mapaipi ong'ambidwa olowetsa madzi, ndi pamene aika silinda. Silindayo ikhale pansi ndithu pa pomwe madzi anakhazikika poyesa, koma osati pakati pa mapaipi ong'ambidwawo. M'chitsanzo chathu, kuiika pa mamita 15 n'kulakwa, ngakhale lero ikutulutsa madzi. Pakhalenso zotsatira za ku labotale poyerekeza ndi muyezo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo, MS 733: tizilombo, mchere, ayironi, komanso fulorayidi amene amadetsa mano a ana, poti ku Nkhotakota kuli akasupe otentha ndipo madzi a malo otere amakonda kukhala naye.

Pa za ndalama, onani pangano lanu. Mapangano ambiri amasiya kagawo, kawirikawiri 5 kapena 10 pa 100, kuti kaperekedwe pakatha miyezi yoti kontilakitala akonze yekha zowonongeka. Limbikirani kuti miyeziyo idutse chilimwe chimodzi, ndipo zilembedwe pa pepala lolandirira mjigo, pamodzi ndi masipanala ndi maphunziro a komiti. Pitani ndi masamba awiriwo ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo, mupemphe kuti mlangizi adzakhalepo tsiku loyesanso ndi pampu, adzayeze yekha kuya kwa dzenje silinda isanabwezeredwe.