Mayeso a ACCA mwatha, koma umembala sunafike

"Ndinakhoza mayeso onse a ACCA chaka chatha, koma mnzanga akuti sindingalembe zilembo za ACCA pambuyo pa dzina langa. Ndagwira ntchito ya maakaunti zaka zinayi, ndipo abwana anga alibe mapepala a ntchitoyi. Kodi ndili pati, nanga FCCA ndidzaipeza liti?"

Achemwali, mnzanuyo akunena zoona, ndipo ndikudziwa kuti zikuwawa mukaganizira tulo timene munataya. Bungwe la ACCA, la maakauntanti lochokera ku Britain, lili ndi masitepe anayi: wophunzira, afiliyeti, membala ndi felo, amene amalemba FCCA. Inu muli pa sitepe yachiwiri. Mabungwe ena, monga CIMA, membala wodzaza amamutcha asosiyeti ndipo amalemba ACMA, choncho musasokoneze afiliyeti ndi asosiyeti. Afiliyeti ndi munthu woti sukulu watha koma bungwe silinatsimikize kuti ntchito amaidziwa.

Za wophunzira mukuzidziwa kale: mapepala 13 pa dongosolo la panopa, komanso phunziro la khalidwe loyenera pa ntchito lotchedwa EPSM. Ngati phunziroli simunalimalize, yambani ndi limenelo.

Pamene anthu ambiri amatitimira ndi pa PER, umboni wa ntchito. Pamafunika miyezi 36 ya ntchito yokhudza maakaunti kapena zachuma, komanso zolinga 9 zimene mwakwaniritsa: zisanu zokakamiza aliyense, ndi zinayi zaluso zimene mumasankha nokha. Pa cholinga chilichonse mumalemba mawu 200 mpaka 500 mu MyExperience, mkati mwa myACCA, akaunti yanu ya pa intaneti ya bungweli, kufotokoza zimene munachita ndi manja anu. Kulemba kuti "ndimathandiza kutseka mabuku a mwezi" sikukwanira. Nenani kuti munayerekeza buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, munapeza cheke cholembedwa kawiri, ndipo munachikonza motere.

Zaka zinayi zanu zija mwina si miyezi 48 pamaso pa bungwe. Ndinathandizapo mnyamata wina amene ankawerenga miyezi 38 ndipo ankati wadutsa. Titakhala pansi ndi makalata ake a ntchito, tinapeza kuti miyezi 20 anali mu ofesi ya maakaunti tsiku lonse, koma miyezi 18 yotsatira theka la nthawi yake linkapita ku zosamalira magalimoto ndi katundu wa kampani. Miyezi 18 ija inasanduka 9, zonse pamodzi 29. Inatsala 7. Nkhope inagwa, komabe kunali bwino kudziwa tsiku limenelo kusiyana ndi kubwezedwa atatumiza fomu. Chotonthoza nchakuti ntchito imene munagwira musanalembetse ngati wophunzira imawerengedwanso, bola papezeke wotsimikiza.

Nkhani ya abwana anu ili ndi njira. Iwo angathe kutsimikiza nthawi imene mwagwira, koma zolinga 9 zija ayenera kusainira akauntanti wovomerezeka, membala wa bungwe limene lili mu IFAC, mgwirizano wa mabungwe a maakauntanti pa dziko lonse, ndipo ICAM, bungwe la maakauntanti la kuno kwathu, ili momwemo. Munthuyo akhale woidziwa ntchito yanu, mwina odita amene amabwera kudzaona mabuku anu chaka ndi chaka, kapena mkulu wa zachuma ku likulu la kampani. Chonde musapite kwa amalume amene sanaonepo fayilo yanu ndi imodzi yomwe. Bungwe limafufuza, ndipo chilango chimagwera wosaina ndi wosainiridwa. Musazengerezenso, chifukwa anthu amasamuka ntchito, ndipo kufunafuna bwana wa zaka zisanu zapitazo kuti akumbukire zimene munkachita ndi chintchito.

Zikatheka izi mumapempha umembala, mumalipira, ndipo mukalandiridwa mpamene zilembo zija zimakhala zanu. Kuyambira apo mumapereka ndalama ya chaka chilichonse pofika 1 Januwale, ndipo ambiri amayenera kuchita maola 40 a maphunziro owonjezera, CPD, pa chaka. Mwa amenewa, 21 akhale ndi umboni, monga satifiketi ya semina. Umembala wokha sukupatsani chilolezo chotsegula ofesi ndi kumasaina malipoti a oditi. Chimenecho ndi chiphaso china, ndipo ku Malawi muyenera kudzera ku ICAM ndi Malawi Accountants Board.

FCCA ilibe mayeso. Imabwera yokha mukakhala membala zaka zisanu mosadukiza, mukulipira ndi kukwaniritsa CPD. Zaka zimene mwakhala afiliyeti sizilowa m'chiwerengerocho, ndiye chifukwa chake zimandipweteka kuona munthu akukhala pa sitepe yanuyi zaka zitatu chifukwa cha fomu yosalemba. Ndipo poti ndalamayo imalipidwa mu mapaundi pamene kwacha ikungogwa, muziika padera kachepa mwezi ndi mwezi, kapena mupemphe kampani iziyika m'pangano lanu la ntchito, kuti Januwale wina dzina lanu lisadzachotsedwe m'kaundula muli pa chaka chachinayi.

Sabata ino tsegulani MyExperience, lembani ntchito iliyonse ndi masiku ake enieni, kenako muimbire odita uja.