Mjigo wa ku Mangochi wapezeka bwanji ku Mozambiki?

"Achimwene, ndikulemba malo a mijigo kuno ku Mangochi. Manambala anandipatsa m'madigiri, maminitsi ndi masekondi, koma mapu akufuna madesimo. Ndasintha mu Excel, mijigo yonse yathawira ku Mozambiki. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, ngakhale fayilo yanu sindinaione, ndikukayikira chizindikiro chochotsera. Tiyeni titenge mjigo umodzi wapafupi ndi boma, tinene kuti uli pa 14°28'41"S, 35°15'52"E.

Digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, minitsi ili ndi masekondi 60, ngati wotchi basi. Ndiye maminitsi timagawa ndi 60, masekondi ndi 3600, n'kuphatikiza ndi madigiri. Apa 28 akupereka 0.466667, 41 akupereka 0.011389, zonse pamodzi 14.478056. Poti tili kumwera kwa ikweta, yankho ndi -14.478056.

Ambiri amagwa pamenepa. Amalemba -14 m'bokosi la madigiri, kenako n'kuphatikiza. Koma maminitsi aja alibe chochotsera, ndiye m'malo mokankhira mjigo kumwera, akuukokera kumpoto. Kompyuta imakupatsani -13.521944, ndipo siidandaula chilichonse. Kusiyanako ndi makilomita oposa 100, n'chifukwa chake mjigo wanu wakatera cha kufupi ndi mzinda wa Lichinga ku Mozambiki. Umboni wake ndi wosavuta: ngati munayamba ndi 14 koma yankho layamba ndi -13, matenda ndi omwewa.

Chitani chonchi. Madigiri alembeni mu kolamu A opanda chochotsera, maminitsi mu B, masekondi mu C, chilembo S kapena E mu D. M'bokosi la E2 lembani:

```
=IF(OR(D2="S",D2="W"),-1,1)*(A2+B2/60+C2/3600)
```

Mabulaketi omalizawo ndiwo mankhwala, chifukwa chochotsera chikugwira nambala yonse itaphatikizidwa kale. Longichudi ija, 35°15'52"E, ituluka 35.264444. Excel ikakana fomulayi, yesani `;` pamene pali `,`, makompyuta ena anawatchera choncho.

Chochotseracho mukachiiwaliratu, mjigo ukapezeka ku Sudan. Zimenezo sizindidetsa nkhawa kwenikweni, munthu umaona msanga. Zoopsa ndi zomwe ndinachitapo ine tsiku lina ndili pachangu: kungofufuta tizizindikiro n'kulemba -14.2841. Nambala yooneka bwinobwino, mapu n'kuilandira, malo n'kukhalabe m'dera lomwelo, koma atasuntha makilomita oposa 20. Ndinadzazindikira patapita masiku.

Onaninso mmene manambala anachokera m'makina a GPS. Ena amalemba 14°28.683', kutanthauza maminitsi okhala ndi madesimo. Pamenepo 28.683 yense apite mu B, mu C muike 0. Mukaona 60 kapena nambala yoposa apo mu B kapena C, china chake chalakwika polemba.

Madesimo siyani asanu. Sekondi imodzi ya latichudi ndi mamita pafupifupi 31, pomwe desimo yachisanu ndi mita imodzi ndi pang'ono, yokwanira kusiyanitsa mjigo ndi mtengo wa mango uli pambali pake.